Ngongole ya £3,000 imene achemwali ankati itha m'zaka zitatu

Achemwali anga amagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Mangalande, ndipo ndi munthu amene sachedwetsa bilu ngakhale tsiku limodzi. Apongozi awo atamwalira ku Ntcheu, matikiti awiri a ndege ndi zina zofunika pa maliro analipira ndi khadi la ngongole, zonse pamodzi n'kukwana pafupifupi £3,600. Atabwerako anauza banki kuti izidula yokha mwezi uliwonse ndalama yochepetsetsa imene imalembedwa pa sitetimenti, imene tonse kuno timangoitcha minimamu, ndipo khadilo analitsekera m'kabati osaligwiritsanso ntchito. Patatha miyezi 18 analandira kalata yowauza kuti pa nthawi yonseyo analipira ndalama zambiri pa chiwongoladzanja kuposa zimene anabweza pa ngongole yeniyeniyo. Anakwiya, chifukwa kwa iwo kalatayo inkamveka ngati yodzudzula munthu amene sanaphonyepo mwezi, ndipo anandiitana kuti ndikaione.

## Kuwerengera kwa achemwali

Ndinawapeza atayala masitetimenti pa tebulo la kukhitchini, atasanja kuyambira yoyamba mpaka ya mwezi umenewo, ndipo pakona pa envulopu anali atalemba kale masamu awo ndi pensulo. Ngongole yotsala inali £3,000 ndi timapeni tochepa timene sinditiwerengera pano, ndipo minimamu ya mwezi umenewo inali £86.10. Iwo anagawa 3,000 ndi 86 n'kupeza miyezi 35.

"Achimwene, si izi apa? Zaka zitatu zokha ndamaliza. Ndiponso taonani, poyamba ankandidula £103, pano akundidula £86, kutanthauza kuti zinthu zikuyenda. Nanga kalatayi akundilembera chifukwa chiyani?"

Sindinawayankhe ndi masamu anga nthawi yomweyo. Ndinatenga sitetimenti ya mwezi wathawo n'kuiika pambali pa ya mwezi uno, ndipo ndinawapempha kuti awerenge mokweza ngongole yotsala pa pepala lililonse. Yoyamba inati £3,031, yachiwiri inati £3,000. Ndinawafunsa kuti pakati pa mapepala awiriwa banki inadula zingati, iwo n'kuyang'ana pa foni n'kunena kuti pafupifupi £87.

"Ndiye mwalipira £87, achemwali, koma ngongole yatsika ndi zingati?"

Anakhala chete akuyendetsa chala pa manambala awiriwo. Kenaka anatenga pensulo n'kuyamba kuphatikiza okha zonse zimene anadulidwa pa miyezi 18 ija, ndipo zinakwana pafupifupi £1,700, pamene ngongole inali itatsika ndi £600 yokha. Anakankhira envulopu ija kwa ine n'kunena kuti: "Werengani inuyo, koma muwerenge pang'onopang'ono kuti ndione pamene ndalama zanga zikulowera."

Masamu a achemwali anali ndi mavuto awiri, ndipo anthu ambiri amaona loyamba lokha. Loyamba ndi lakuti mbali yaikulu ya £86.10 ndi chiwongoladzanja, chimene sichichotsa kalikonse pa ngongole. Lachiwiri, limene ndi lalikulu kwambiri, ndi lakuti minimamu siikhala pa £86.10. Imatsika mwezi uliwonse pamodzi ndi ngongole, ndipo kutsika kumene achemwali ankakuona ngati chizindikiro chabwino ndi kumene kumatalikitsa ulendo wonse.

## Manambala ofunika kuwapeza pa pepala

Ku Amereka lamulo la mu 2009 linakakamiza mabanki kulemba pa sitetimenti chiwerengero cha zaka zimene munthu angatenge akamalipira minimamu yokha. Sitetimenti ya achemwali inalibe chiwerengero chotero. Inali ndi chenjezo chabe lakuti kulipira minimamu yokha kumatenga nthawi yaitali ndiponso kumadya ndalama zambiri. Komabe zonse zofunika kuti munthu awerengere yekha zinali pomwepo, zomwazikana patsogolo ndi kuseri kwa pepala.

Ngongole yotsala ndi minimamu zimaoneka mosavuta pamwamba. Chachitatu ndi chiwongoladzanja chimene chaikidwa mwezi umenewo, chimene chimalembedwa pamzere wakewake pakati pa zolowa ndi zotuluka, ndipo kwa achemwali chinali £56.10. Mukagawa 56.10 ndi 3,000 mumapeza 0.0187, kutanthauza 1.87 peresenti pamwezi, ndipo nambala yomweyi tinaipeza italembedwa m'kabokosi kosonyeza milingo ya chiwongoladzanja. Apa pali msampha umene ndi bwino kuudziwa. Khadilo lili ndi APR, kutanthauza mlingo wa chiwongoladzanja wa pachaka, ya 24.9 peresenti, ndipo munthu angaganize kuti akagawa 24.9 ndi miyezi 12 apeza mlingo wa pamwezi, koma apeza 2.08, umene ndi wokwera kuposa weniweni. Chifukwa chake n'chakuti kuno APR imaphatikiza kale chiwongoladzanja chimene chimabereka chinzake m'kati mwa chaka. Choncho ndi bwino kutenga mlingo wa pamwezi umene walembedwa, kapena kuupeza pogawa monga tinachitiramu.

Chachinayi, chimene anthu sachiwerenga chifukwa chimalembedwa ndi timalemba tating'ono kuseri, ndi lamulo la kawerengedwe ka minimamu. Pa khadi la achemwali lamulolo linati minimamu ndi 1 peresenti ya ngongole yotsala kuphatikizapo chiwongoladzanja cha mwezi umenewo ndi zindapusa ngati zilipo, kapena £5, malinga ndi chimene chakula pa ziwirizi. Zimenezi si zachilendo, chifukwa maakaunti amene anatsegulidwa kuno kuyambira mu Epulo 2011 amayenera kukhala ndi minimamu yosachepera chiwongoladzanja, zindapusa ndi 1 peresenti ya ngongole. Tinayesa lamulolo ndi manambala athu kuti titsimikize kuti talimva bwino: 1 peresenti ya £3,000 ndi £30, ndipo 30 kuphatikiza 56.10 ndi 86.10, ndendende zimene zinalembedwa. Ngati kuyesa kumeneku sikukugwirizana ndi pepala, ndiye kuti pali chindapusa kapena ngongole ya mtundu wina imene simunaione, ndipo musapitirire musanaipeze.

## Chifukwa chake ngongoleyo imatsika mozengereza

Munthu akamvetsa lamuloli, masamu ake amaphweka modabwitsa. Popeza minimamu imalipira chiwongoladzanja chonse cha mweziwo, ngongole siikula, ndipo chimene chimachoka pa thunthu la ngongole ndi 1 peresenti yokha ija. Mwezi uno ichoka £30, mwezi wamawa £29.70, mwezi winawo £29.40, ndipo zizingochepa choncho. Zili ngati munthu amene akutapa ufa m'thumba, koma nthawi iliyonse akabwerako amatenga kambale kocheperako kuposa kamene anagwiritsa ntchito dzulo. Mwezi uliwonse ngongole imakhala magawo 99 mwa magawo 100 a ngongole ya mwezi wapitawo, ndipo tinaziona tokha pogawa 3,000 ndi 3,031, n'kupeza pafupifupi 0.99.

Chinthu chimene chimatsika ndi 1 peresenti mwezi uliwonse chimafika pa theka pakatha miyezi 69, imene ndi zaka 5 ndi miyezi 9. Amene alibe kakyuleta yokhala ndi mabatani ambiri angagawe 70 ndi peresenti imene ngongole ikutsika nayo pamwezi, ndipo apeza yankho loyandikira mokwanira. Nambala imeneyi siidalira kukula kwa ngongole, komanso pa khadi la lamulo lotereli siidalira ngakhale mlingo wa chiwongoladzanja. Chiwongoladzanja chikakwera, chimene chimakwera ndi ndalama zimene mukudulidwa, koma liwiro limene thunthu likutsikira limakhala lomwelo.

Ndinalemba mzerewu pa envulopu achemwali akuona. Kuchoka pa £3,000 kufika pa £1,500 ndi miyezi 69. Kufika pa £750 ndi miyezi ina 69, kufika pa £375 ina 69, ndipo kufika pa £187.50 inanso 69. Maulendo anayi amenewa ndi miyezi 276, kapena kuti zaka 23, ndipo ngongole ikadalipo. Achemwali anaseka kuseka kosasangalala n'kufunsa ngati ngongoleyo idzathe n'komwe, popeza theka la theka silifika pa ziro. Funso lawo linali loona. Pakanapanda £5 ija ya m'timalemba tating'ono, ngongoleyo ikanangochepa mpaka kalekale osatha.

## Pamene £5 imayamba kugwira ntchito

Minimamu yonse pamodzi ndi 1 peresenti kuphatikiza 1.87 peresenti, kutanthauza 2.87 peresenti ya ngongole. Ngongole ikachepa mpaka 2.87 peresenti yake kukhala yosakwana £5, banki imasiya kuwerengera maperesenti n'kuyamba kudula £5 yosasintha. Kuti mupeze malire amenewa mumagawa 5 ndi 0.0287, ndipo mumapeza pafupifupi £174. Kuchoka pa £187.50 paja kufika pa £174 pamatenga miyezi ina 7, motero gawo loyamba la ulendo ndi miyezi 283. Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angalipeze ndi mzere umodzi:

```
=LN(174/3000)/LN(0.99)
```

Gawo lachiwiri ndi losiyana ndi loyamba, chifukwa tsopano malipiro sakutsikanso. Mwezi woyamba chiwongoladzanja pa £174 ndi £3.25, ndipo £1.75 ndiyo imachoka pa thunthu. Mwezi wotsatira chiwongoladzanja chimachepa pang'ono, koma popeza £5 siisintha, chimene chachepa pa chiwongoladzanja chimapita ku thunthu, ndipo liwiro limayamba kukwera m'malo motsika. Kuwerengera miyezi ya malipiro osasintha kuli ndi chida chakechake:

```
=NPER(0.0187,-5,174)
```

Yankho lake ndi miyezi pafupifupi 57. Mukaphatikiza 283 ndi 57 mumapeza miyezi 340, imene ndi zaka 28 ndi miyezi 4. Chiwongoladzanja chonse nachonso n'chosavuta kuchiyerekeza, chifukwa m'gawo loyamba paundi iliyonse imene yachoka pa thunthu imayenda ndi £1.87 ya chiwongoladzanja. Thunthu limene limachoka m'gawo limenelo ndi £2,826, ndipo mukachulukitsa ndi 1.87 mumapeza pafupifupi £5,285. Gawo lachiwiri limawonjezera pafupifupi £110, motero pa ngongole ya £3,000 achemwali akanalipira chiwongoladzanja cha pafupifupi £5,400, kupatula £1,100 ndi kanthu imene anali atalipira kale.

Ndimaona kuti nambala yaing'ono ija ya kuseri kwa pepala ndi imene iyenera kulembedwa ndi malemba akuluakulu, chifukwa ndi imene imasintha yankho kwambiri. Makhadi ena amaika £25 m'malo mwa £5. Pa khadi lotero, ngongole yomweyi ndi chiwongoladzanja chomwechi, malire amakhala pa £871, amene munthu amafikapo pakatha miyezi 123, ndipo akawonjezera miyezi 57 ya kumapeto amamaliza m'zaka 15. Anthu awiri okhala ndi ngongole yofanana ndi APR yofanana angasiyane ndi zaka 13 chifukwa cha mzere umodzi umene onse awiri sanauwerenge. N'chifukwa chake sindikhulupirira yankho limene munthu wangolimva kwa mnzake kapena kuliona pa intaneti popanda kuyang'ana lamulo la khadi lake.

## Zimene zingasokoneze yankho

Zaka 28 zimenezi ndi chiyerekezo, ndipo zimaimira pa mfundo yakuti palibe chimene chisinthe. Banki imawerengera chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, choncho mwezi wa masiku 31 umabweretsa chochulukirapo kuposa Febuluwale, ndipo tsiku limene malipiro alowera limasinthanso timapeni. Zimenezi zingasunthe yankho ndi miyezi ingapo, osati zaka, ndipo sizoyenera kudandaula nazo.

Choyenera kuchiopa ndi kugulanso zinthu ndi khadilo. Pa ngongole ya £3,000 thunthu limatsika ndi £30 yokha pamwezi, motero kugula zinthu za £30 pamwezi, ngakhale ndalama ya foni kapena ya pulogalamu ya mafilimu imene inaiwalika ikudulidwa pa khadilo, n'kokwanira kuimitsa ngongole pamalo amodzi kwa moyo wonse. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona. Mukagawa ngongole ya mwezi uno ndi ya mwezi watha n'kupeza 1 kapena kuposerapo m'malo mwa 0.99, ndiye kuti masamu a theka aja sakugwiranso ntchito pa inu.

Chinanso chimatikhudza kwambiri ife amene timatumiza ndalama kumudzi. Mabanki ambiri amatenga kutumiza ndalama kudzera pa khadi la ngongole ngati kutapa ndalama pa makina, ndipo ngongole yotero imakhala ndi chindapusa chake, mlingo wake wa chiwongoladzanja umene kawirikawiri umakhala wokwera, ndipo chimayamba kuwerengedwa tsiku lomwelo. Sitetimenti yotero imaonetsa mizere iwiri kapena itatu ya chiwongoladzanja. Poyerekeza, ndi bwino kuphatikiza chiwongoladzanja chonse cha mweziwo n'kugawa ndi ngongole yonse, podziwa kuti mlingo umene wapezekawo udzatsika pang'ono m'kupita kwa nthawi chifukwa malipiro amayamba kupita ku ngongole ya chiwongoladzanja chokwera kwambiri. Amene ali m'nyengo ya 0 peresenti asawerengere ndi ziro, koma ayang'ane tsiku limene nyengoyo ithere ndi mlingo umene udzayambe pambuyo pake.

Pali makhadi ena, makamaka akale kapena a m'maiko ena, amene minimamu yake ndi peresenti imodzi yokha ya ngongole yonse, chiwongoladzanja chili m'kati momwemo. Pamenepo liwiro la kutsika ndi kusiyana kwa manambala awiriwo. Minimamu ya 2.5 peresenti pa chiwongoladzanja cha 1.87 imasiya 0.63 peresenti yokha, ndipo 70 kugawa ndi 0.63 ndi miyezi 111, yoposa zaka 9, kuti ngongole ingofika pa theka.

## Kalata ija siinalakwitse

Bungwe la FCA, limene limayang'anira mabanki kuno, linakhazikitsa malamulo mu 2018 okhudza anthu amene ngongole ya khadi yawakakamira. Munthu akakhala kuti pa miyezi 18 walipira zambiri pa chiwongoladzanja ndi zindapusa kuposa pa thunthu, banki iyenera kumulembera kalata. Imamukumbutsanso pa miyezi 27, ndipo ikafika miyezi 36 zinthu zisanasinthe, iyenera kumupatsa njira yomalizira ngongoleyo m'nthawi yoyenera, kawirikawiri zaka zitatu kapena zinayi, ndipo ingathe kuimitsa khadilo. Achemwali ankaganiza kuti kalatayo imapita kwa anthu ophonya malipiro, koma masamu akusonyeza kuti imapita kwa aliyense amene amalipira minimamu mokhulupirika pa khadi la lamulo la 1 peresenti ngati chiwongoladzanja chake chikuposa 1 peresenti pamwezi, kumene ndi APR ya pafupifupi 12.7. Wotero amalipira chiwongoladzanja choposa zimene akubweza pa thunthu mwezi uliwonse, ndipo palibe mwezi umene zingasinthe zokha mpaka atafika pa malire aja.

## Kuimitsa malipiro pamalo amodzi

Pamene tinkawerengera gawo lachiwiri lija, achemwali anaona okha chinthu chimene ine ndinali ndisanachitchule. Anafunsa kuti ngati £5 yosasintha imamaliza £174 m'miyezi 57, nanga £86.10 yosasintha ingamalize £3,000 m'miyezi ingati. Tinalemba manambalawo:

```
=NPER(0.0187,-86.10,3000)
```

Yankho linali 57 kachiwiri, ndipo si mwangozi, chifukwa £5 pa £174 ndi £86.10 pa £3,000 zonse ndi 2.87 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti gawo lakumapeto lija, limene banki imalola kuti liyambe pakatha zaka zoposa 23, munthu angathe kuliyamba mwezi uno mwa kungokana kuti malipiro atsike. Ndalama imene achemwali anali atazolowera kale kudulidwa, popanda kuwonjezerapo paundi imodzi, inasintha zaka 28 kukhala zaka 4 ndi miyezi 9, ndipo chiwongoladzanja chinatsika kuchoka pa £5,400 kufika pa pafupifupi £1,900. Iwo anasankha £90, imene imamaliza m'miyezi 53, ndipo analowa pa pulogalamu ya banki pa foni n'kusintha Direct Debit kuchoka pa minimamu kupita pa ndalama yosasintha. Ndalama yoteroyo iyenera kukhala yosachepera minimamu ya mwezi umenewo, ndipo ngati chiwongoladzanja chakwera ndi bwino kuonanso kuti minimamu siinaipitirire. Amene ngakhale minimamu ikumukanika vuto lake ndi lina, ndipo mabungwe monga StepChange ndi Citizens Advice amapereka uphungu wa ngongole kwaulere.

Ndinawachenjeza chinthu chimodzi, chifukwa ndimawadziwa kuti amafuna kuona zotsatira msanga. M'chaka choyamba kusiyana kumaoneka kochepa kwambiri. Pa minimamu ngongole ikanakhala pafupifupi £2,660 pakutha kwa miyezi 12, ndipo pa £90 yosasintha idzakhala pafupifupi £2,550, kusiyana kwa £110 yokha, kumene kungachititse munthu kuganiza kuti sanapindule kanthu. Mpata umakula m'zaka zotsatira. Pakutha kwa zaka zitatu, minimamu ikanasiya ngongole ya pafupifupi £2,090, pamene £90 idzasiya pafupifupi £1,280. Chimene ayenera kuyang'ana pa sitetimenti iliyonse ndi kusiyana kwa ngongole ya mwezi uno ndi ya mwezi watha: poyamba kudzakhala pafupifupi £34, ndipo kuyenera kumakula pang'onopang'ono chaka ndi chaka mpaka kupitirira £60 pakutha kwa chaka chachitatu. Kukayamba kuchepa kwa miyezi ingapo motsatizana, ndiye kuti pali chinthu chatsopano chimene chikudulidwa pa khadilo kapena banki yakweza chiwongoladzanja, ndipo pamafunika kutenga mlingo watsopanowo ndi ngongole ya mwezi umenewo n'kuwerengeranso.